Mukupita kumudzi, ndiwo zikutsala m'zidebe ku Joni: mnansi mumusiyire uthenga wotani?

Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg ali ndi kadimba ka m'zidebe kuseri kwa chipinda kapena pakhonde la fulati. Mumapeza mpiru m'beseni lakale, matimati m'ndowa za penti, tsabola wa kambuzi amene mbewu yake inachokera kumudzi, mwinanso chitsamba cha alovera pambali. Ikafika pakati pa Disembala, ntchito zambiri zimatsekedwa, anthu amakwera basi ku Park Station kudzera ku Beitbridge, ku Tete mpaka ku Mwanza, ndipo mbewuzo zimatsala m'manja mwa mnansi kwa masabata atatu kapena anayi. Kawirikawiri mnansiyo amauzidwa pageti, katundu ali kale m'manja, kuti "muzindithiririrako." Mawu amenewa sakwanira, ndipo kusakwanira kwake si vuto la mnansi. Iye sadziwa kuti ndi chidebe chiti chimauma msanga, madzi ake ndi ochuluka bwanji, ndiponso ndi liti pamene sayenera kuthira n'komwe.

Pano ndikuyerekeza njira zinayi zosiyira malangizowo: pepala limodzi, uthenga wa pa WhatsApp, zizindikiro pa chidebe chilichonse, ndi chigubu chodzithirira chokha chimene chimachepetsa ntchito ya mnansi.

Zimene uthenga uyenera kuyankha

Tisanaone njirazo, tiyambe ndi nyengo, chifukwa ndiyo imasokoneza anthu. Mvula ya ku Joni imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Marichi kapena Epulo, ndipo nthawi zambiri imabwera masana ndi mabingu, yamphamvu koma yosakhalitsa, nthawi zina ya matalala. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho dzuwa limaluma ngakhale mphepo ili yozizirira. Zotsatira zake n'zakuti pabwalo limodzi lomwelo, tsiku limodzi lomwelo, ndowa imene ili pamtetete imatha kudzaza madzi pomwe ina imene ili pansi pa denga yauma gwa. Mnansi akaona kuti mvula yagwa amati zonse zamwa, ndiye za pakhonde zimafa ndi ludzu. Wina wakhama amathira zonse tsiku lililonse, ndiye za pamtetete zimawola mizu. M'nyengo yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, nkhani imasintha: mvula kulibe, mbewu zimamwa pang'ono, ndipo mdani wamkulu ndi chisanu cha usiku.

Choncho uthenga wabwino usamangonena masiku othirira. Uphunzitse munthu kuona yekha. Muyeso wosavuta ndi chala: achilowetse m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri, kukakhala kouma athire, kukakhala kwa chinyezi asiye. Uneneso kuchuluka kwa madzi pogwiritsa ntchito chinthu chimene adzachigwire m'manja, monga botolo la malita 2, chifukwa mawu akuti "pang'ono" aliyense amawamva mwake. Uneneso nthawi. Kuthirira m'mawa kapena dzuwa litapepa n'kwabwino kwa mbewu, komanso malamulo osunga madzi a mumzindawu akhala akuletsa kuthirira dimba pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo m'miyezi yotentha. Pomaliza, unene zimene asachite ndi zimene achite zinthu zikavuta.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake pa nthawi imene mnansi waima pafupi ndi chidebe, ntchito imene imafuna kuti ipitirire kuthandiza, ndi zoopsa zake.

Njira yoyamba: pepala limodzi

*Mtengo:* palibe. Tsamba la m'kope ndi cholembera basi.

*Kupezeka:* apa ndi pamene pepala limaposa njira zonse, ngati mwaliika pamalo oyenera. Silifuna bandulo, silifuna magetsi, ndipo mnansi akatanganidwa n'kutuma mwana wake, mwanayo amawerenga zomwezo. Malo oyenera ndi pamene pali madzi kapena botolo lothirira. Liikeni m'kapulasitiki koonekera mkati, mumangirire pa chigubu cha madzi kapena pa msomali wa pakhonde, lina mumupatse m'manja.

*Kusamalira:* pepala silisintha. Mukachedwa kubwera, kapena kukagwa mvula ya sabata yonse, lidzanenabe zimene munalemba tsiku lonyamuka. N'chifukwa chake liyenera kulembedwa mwa "mukaona chakuti, chitani chakuti" m'malo mwa "Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu."

*Zoopsa:* choyamba ndi kutalika. Munthu amene amakonda mbewu zake amalemba masamba awiri, ndipo mnansi wotopa ndi ntchito amawerenga mizere itatu yoyamba. Chachiwiri ndi chitetezo. Musalimate kunja kwa chitseko kapena pageti pamene wodutsa aliyense angawerenge kuti mwachoka ndipo mubwera mu Januwale. Pa pepala lokhala panja musalembe tsiku lobwerera. Limenelo mumuuze mnansi pakamwa. Chachitatu ndi chilankhulo. Pa yadi imodzi ya ku Rosettenville kapena ku Turffontein mumakhala Mmalawi, Mzimbabwe, Mzulu ndi wa ku Congo. Lembani m'chilankhulo chimene wothirirayo amawerenga bwino, ndipo ngati ndi mnzanu wa kumudzi koma mukudziwa kuti nthawi zina adzatuma wina, manambala a mabotolo alembedwe moonekera kuti aliyense awamve.

Tione chitsanzo chenicheni. Tinene kuti mayi wina amakhala m'chipinda cha kuseri, ali ndi ndowa zinayi za malita 20 za matimati pamtetete, mabeseni atatu a mpiru ndi chainizi pansi pa denga la khonde, ndowa ziwiri za kambuzi, ndi alovera mmodzi. Akuchoka pakati pa Disembala, ndipo akusiyira mayi mnzake wa chipinda choyandikana, wamkulu kwa iye. Kakalata kake kangakhale kotere:

Achemwali,

Zikomo povomera kundionera mbewuzi. Botolo lothirira ndi la malita 2 lomwe ndalimangirira pamsomali. Madzi osungira ali m'zigubu ziwiri kuseri kwa chitseko cha khonde, ngati pampopi atasiya.

Musanathire, lowetsani chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri. Kukakhala konyowa, musathire. Nthawi yake ndi m'mawa kwambiri kapena madzulo 6 koloko itadutsa.

Matimati, ndowa zinayi za pamtetete: botolo limodzi ndowa iliyonse, patsinde osati pamasamba. Kukatentha adzafuna tsiku lililonse. Ikagwa mvula yambiri, yesani ndi chala kaye.

Mpiru ndi chainizi, mabeseni a pakhonde: mvula siwafika. Botolo limodzi beseni lililonse, ngakhale mvula itagwa.

Kambuzi: theka la botolo, pokhapokha pamwamba pakauma.

Alovera: musamuthire mpaka ndibwere.

Masamba akuluakulu a ndiwo muzithyola muzidya, musiye a pakati. Matimati akapsa ndi anu.

Chonde musathire feteleza, mankhwala kapena madzi ochapira zovala. Mukaona chachilendo, nditumizireni chithunzi pa WhatsApp, nambala ndi yomwe ija.

Ine mng'ono wanu.

Kakalataka kakukwana pa tsamba limodzi la m'kope. Onani kuti sikanatchule chidebe chimodzichimodzi. Kagawa mbewu m'magulu anayi. Kuti zimenezi zitheke, ntchito yaikulu imachitika musanalembe: sunthani zidebe kuti zofuna madzi ofanana zikhale pamodzi. Mzere wa kuthyola ndiwo ndi wofunika kuposa mmene umaonekera. Mpiru ukasiyidwa osathyoledwa m'nyengo yotentha umakhwima n'kuthamangira kuchita maluwa, ndiye mnansi akamadya amakuthandizaninso. Komanso munthu amene amathyolapo ndiwo za madzulo amayang'anitsitsa masamba, ndipo ndi iye amene angaone nsabwe zisanachuluke.

Za madzi ochapira ndazilemba dala. Madzi akasiya kwa masiku, mnansi wokoma mtima amaganiza zothira otsala pochapa. Pa nthaka ya m'munda kamodzikamodzi sizivuta kwambiri, koma m'ndowa mchere wa sopo wa ufa ulibe kothawira, umaunjikana, ndipo masamba amayamba kupsa m'mbali.

Njira yachiwiri: voisi, zithunzi ndi kanema pa WhatsApp

*Mtengo:* bandulo, kwa inu ndi kwa mnansi. Voisi siidya zambiri, koma kanema imadya. Ngati mukufuna azikutumizirani zithunzi sabata iliyonse, n'chaulemu kumugulirako bandulo musananyamuke.

*Kupezeka:* WhatsApp yanu ya nambala ya ku Joni imagwirabe ntchito kumudzi ngakhale mutaika khadi ya TNM kapena Airtel, bola musasinthe nambala mkati mwa WhatsApp momwemo. Koma muli panjira, pakati pa Zimbabwe ndi Mozambique, mudzakhala osapezeka kwa tsiku kapena awiri, ndipo midzi ina netiweki imagwira pamalo amodzi okha. Masiku oyambawo ndi amenenso mnansi amakhala ndi mafunso ambiri.

*Kusamalira:* ubwino wake waukulu ndi wakuti mutha kusintha malangizo. Mnansi akakuuzani kuti mvula yagwa masiku anayi otsatizana, mumamuuza kuti asendeze kambuzi pansi pa denga. Kanema yaifupi yosonyeza chala chikulowa m'dothi ndi botolo likutsanulidwa pang'onopang'ono patsinde imaphunzitsa bwino kuposa mawu alionse olembedwa.

*Zoopsa:* voisi ya mphindi zisanu munthu amaimvera kamodzi. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ataima pafupi ndi kambuzi manja ali onyowa, sangayambe kuifufuza pansi pa mauthenga a magulu a mpingo ndi a chipereganyu kuti amve ngati munati theka kapena botolo lonse. Foni imathanso kubedwa kapena kuthera moto. Ndipo pali chiyeso chofunsa tsiku lililonse kuti "zili bwanji mbewu zanga," zimene zimatopetsa munthu amene akukuthandizani mwaulere. Gwirizanani tsiku limodzi pa sabata la chithunzi.

Pamene njirayi imapambana kwenikweni ndi pozindikira matenda. Chithunzi chimodzi chimakuuzani zambiri ngati mwamuuza mnansi kuti ajambule chiyani: mbewu yonse, kunsi kwa tsamba, ndi dothi. Matimati akafota masana koma m'mawa akudzuka bwino, ndi kutentha chabe, asaonjezere madzi. Akafota ngakhale m'mawa, dothi lili lonyowa, masamba a m'munsi akuchita chikasu ndipo ndowa ikununkha chowawasa, madzi achuluka. Aone ngati mabowo a pansi atsekeka, aikweze pa njerwa ziwiri, asiye kuthira. Dothi likasiyana ndi khoma la chidebe ndipo madzi akungodutsa m'mbali n'kutuluka pansi nthawi yomweyo, ndiye kuti lauma mopitirira, ndipo kuthira kamodzi sikuthandiza. Athire theka la botolo, adikire mphindi khumi, athirenso, kapena chidebe chaching'ono achiimike m'beseni la madzi kwa theka la ola. Timadontho toyera pamwamba pa tsamba la matimati ndi ulusi wopyapyala kunsi kwake ndi kangaude wofiira, amene amakonda malo otentha ndi ouma ngati khonde. Nsabwe pa mpiru zimaunjikana kunsi kwa masamba anthete n'kuwapiringiza. Kuzitsuka ndi madzi kapena kuthyola masamba ogwidwa kwambiri n'kokwanira mpaka mutabwera. Mabowo akuluakulu ndi kanjira konyezimira pambuyo pa mvula ndi nkhono, zongotola madzulo. Matalala akagwa masamba amang'ambika ndipo amaoneka omvetsa chisoni, koma mpiru umaphukanso kuchokera pakati, mnansi asazule.

Njira yachitatu: chizindikiro pa chidebe chilichonse

Apa malangizo amakhala pa chidebe penipeni. Dulani chidebe cha majarini kapena cha ayisikilimu m'timizere, mulembepo "botolo 1," "theka," kapena "ayi," mubaye m'dothi. Ena amamanga tinsalu ta mitundu: kofiira kutanthauza tsiku lililonse, koyera kutanthauza osathira.

*Mtengo:* ndi zinthu zotayidwa kale, kungoti mumataya ola limodzi kukonza.

*Kupezeka:* chizindikiro chili pomwe diso la wothirira lili. Chimathandiza kwambiri mnansi amene sadziwa kusiyanitsa mbewu, amene salankhula chilankhulo chanu, kapena amene kuwerenga kumamuvuta, ndipo simufunika kumufunsa zimenezo n'kumuchititsa manyazi.

*Kusamalira:* inki ya maka ambiri imafufuta padzuwa la kuno m'masabata ochepa. Pensulo wamba imakhalitsa kwambiri pa pulasitiki yosanyezimira. Ngati ikuterera, palani pang'ono ndi mchenga musanalembe.

*Zoopsa:* mphepo, ana a pa yadi ndi agalu amazula timapulasitikito, ndipo wina akatibwezera amatha kutisinthanitsa. Cholembedwa pa ndowa yeniyeniyo ndi penti kapena chomangidwa pa chogwirira sichisochera. Malire ake enanso ndi akuti chizindikiro chimanena kuchuluka kwa madzi kokha. Sichinena za chala, za mvula kapena za nsabwe. Pachokha sichikwana.

Njira yachinayi: chigubu ndi chingwe, mnansi azingoyendera

Njirayi imasintha ntchito imene mukupempha. M'malo moti mnansi azithirira tsiku lililonse, amangodzaza chigubu kawiri pa sabata ndi kuona ngati zonse zili bwino. Mumatenga chigubu cha malita 5, mumachiika pa njerwa pafupi ndi chidebe kuti madzi ake akhale pamwamba pang'ono kuposa dothi, kenako mumang'amba kansalu ka thonje ka sikipa yakale, kutambalala ngati zala ziwiri. Mumakanyowetsa kaye, mbali ina ifike pansi penipeni pa chigubu (mangirirani kamwala kuti isayandame), mbali ina muikwirire m'dothi pafupi ndi mizu. Madzi amayenda m'nsaluyo pang'onopang'ono. Njira ina ndi botolo la malita 2 loboola timabowo tiwiri kapena titatu pachitsekerero ndi singano yotentha, n'kulizika chozondoka.

*Mtengo:* zigubu ndi nsalu zakale. Za m'sitolo zilipo, koma pa ndowa khumi ndalama yake imakwera, ndipo nazonso zimafuna kuyesedwa chimodzimodzi.

*Kupezeka:* zipangizo zimapezeka pa yadi iliyonse. Chimene chimasowa ndi nthawi, chifukwa njirayi siyokonza usiku wonyamuka.

*Kusamalira:* ikonzeni sabata imodzi musanachoke, mulembe kamzere pa chigubu pamene madzi afika, muziona kuti akutsika bwanji tsiku lililonse. Mukatero mudzadziwa zolemba pa pepala, monga "chigubu cha pakhonde chimatha masiku anayi." Phimbani dothi ndi udzu wouma kapena makatoni ong'amba kuti chinyezi chisathawe, ndipo ndowa zakuda muzitchinge ku dzuwa la masana, chifukwa zimatentha mpaka kuwotcha mizu ya m'mbali.

*Zoopsa:* ndinene mosabisa kuti njirayi anthu amaikhulupirira mopitirira. Nsalu ikauma kamodzi imatha kusiya kukoka madzi ngakhale chigubu chili chodzaza. Chigubu chikakwera kwambiri, madzi amatha usiku umodzi. Botolo lozondoka limatsekeka ndi dothi, kapena limakhuthuka m'maola ochepa ngati mabowo akula. Matimati aakulu obereka amamwa kuposa mmene chingwe chimodzi chingaperekere m'Disembala. Ndipo mnansi akaona chigubu chili chodzaza amaganiza kuti zonse zili bwino, pomwe kudzazako ndi chizindikiro chakuti madzi sakuyenda. Choncho pepala lake linene momveka kuti: "Madzi akapanda kutsika pa mzere kwa masiku awiri, nyowetsani nsalu, thirani ndi botolo."

Kanthu kamodzi kokhudza njira zonse

Mu Disembala mnansi naye amayenda. Mufunseni masiku ake enieni, makamaka a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo mugwirizane za munthu wachiwiri. Ngati mbewu zili pamalo ofuna kiyi, ganizirani zozitulutsa kuti musasiye kiyi ya chipinda. Ngati n'zosatheka, alandilodi adziwe kuti ndani azilowa. Siyani madzi osungira okwanira masiku atatu. Pa chitsanzo chija, ndowa zinayi, mabeseni atatu ndi kambuzi ziwiri zimafuna mabotolo asanu ndi atatu pa tsiku lotentha, amene ndi malita 16, ndiye zigubu ziwiri za malita 25 zingakwane. Pamene mita ya madzi ndi yolipiriratu kapena yogawana, nenani poyera kuti madziwo alipira ndani. Ndipo njira iliyonse imene mwasankha, yendani naye limodzi kamodzi musanachoke, botolo likhale m'manja mwake, inu muzingoona.

Ndiye musankhe iti?

Ngati mukuchoka masiku atatu kapena anayi okha, thirirani mokwanira, sendezani zidebe pamthunzi, mutumize voisi yaifupi. Zina zonsezi n'zosafunika.

Ngati ndi ulendo wa kumudzi wa masabata atatu kapena anayi, ndipo mnansi amakhala pa yadi yomweyo, pepala limodzi ndilo maziko. WhatsApp ikhale ya chithunzi cha pa sabata ndi mafunso, osati yosungira malangizo.

Ngati mnansi salankhula Chichewa, kapena othirira adzakhala angapo mosinthana, gawani zidebe m'magulu, muike zizindikiro za manambala, ndipo mujambule kanema yaifupi ya chala ndi botolo.

Ngati mnansi amagwira ntchito yogona komweko n'kumabwera kumapeto kwa sabata kokha, monga amachitira ambiri ogwira m'nyumba za mabwana, chigubu ndi chingwe ndicho chingathandize, koma pa mpiru, chainizi ndi kambuzi. Matimati obereka apatseni munthu amene amapezeka tsiku lililonse, ngakhale zitatanthauza kunyamula ndowazo kupita pakhomo pake.

Ngati mukukhala pa fulati ndipo khonde lanu silifikidwa ndi mvula, lembani zimenezo pa mzere woyamba wa pepala, chifukwa ndi pamene mnansi adzalakwitse akamva mabingu.

Ngati ulendo ndi wa mu Juni kapena Julayi, chepetsani madzi pa pepala kufika kawiri pa sabata, athire m'mawa dzuwa litatuluka osati madzulo, ndipo muonjezere mzere wa chisanu: kambuzi asendezedwe pafupi ndi khoma limene limaona dzuwa, loyang'ana kumpoto, ndipo usiku wozizira kwambiri afunditsidwe chitenje chakale n'kuvundukulidwa m'mawa. Mpiru ndi repu zimapirira chisanu chochepa, sizifuna kufunditsidwa.